Kampani yolowa pamsika: yambirani kunsonga za mtengo

"Ndili ndi funso la makampani awiri. Yatsopano ikufuna kulowa pamsika, yakale ikuopseza kuti igwetsa mitengo ya katundu. Ine ndinayankha kuti yatsopanoyo isalowe, koma aphunzitsi anandilembera kuti ndalakwa. Ndalakwa pati, poti kulowa kungaibweretsere chiluzi?"

Mwalakwa pokhulupirira chiopsezocho musanachiyese. Tiyeni tijambule zisankho za makampaniwa ngati masewera pa mtengo wa tsinde, mphanda ndi nthambi, ndi manambala anga, inu mukaikemo anu.

Mphanda yoyamba ndi ya kampani yatsopano: kulowa kapena kusalowa. Ikapanda kulowa, masewera athera pomwepo. Iyo ipeza 0, yakale ipeza 10. Ikalowa, tifika pa mphanda yachiwiri, imene mwini wake ndi kampani yakale. Ikasankha nkhondo ya mitengo, yatsopano iluza 2 ndipo yakale itsala ndi 1. Ikalola kugawana msika, yatsopano ipeza 3, yakale 5.

Musayambire pa tsinde. Pitani pa mphanda yotsiriza, phimbani zina zonse ndi dzanja, mufunse funso limodzi lokha: amene akusankha pano apindula ndi nthambi iti? Pano akusankha ndi kampani yakale, ndipo mnzakeyo walowa kale. Ikuyerekeza 1 ndi 5, basi. Za 10 uja yaiwala, chifukwa sangabwererenso. Isankha kugawana. Dulani nthambi ya nkhondo, mulembe 3 ndi 5 pa mphandayo. Tsopano bwererani m'mbuyo: yatsopano ikuyerekeza 0 ndi 3, ndiye ilowa. Chiluzi cha 2 chimene chinakuopsani chili pa nthambi imene palibe adzaiponde.

Chimene chimandiwawa n'chakuti yankho lanu silopusa ayi, ndipo ophunzira ambiri sauzidwa zimenezi. Mukaika masewerawa m'tebulo, "kusalowa" pamodzi ndi "nkhondo" zimakhazikika ndithu mwa muyeso wa Nash, woti palibe amene angapindule posintha chisankho chake yekha: ngati yakale idzamenyadi, kusalowa n'kwabwino, ndipo ngati palibe wolowa, kuopseza sikuiwonongetsa kanthu. Tebulo limabisa za amene wayamba ndi amene watsatira. N'chifukwa chake katswiri wa zachuma Reinhard Selten mu 1965 anaonjezera lamulo lakuti chisankho chikhale chanzeru pa mphanda iliyonse, ngakhale imene masewera safikapo. Ine ndimati aliyense wophunzitsa mutuwu ndi tebulo lokha, osajambula mtengo, akusocheretsa ana. Selten yemweyo mu 1978 anaonetsanso pamene njira yoyambira kunsongayi imadabwitsa: kampani yakale ikhale ndi misika 20, olowa akubwera mmodzimmodzi. Pa msika wotsiriza nkhondo ilibe phindu, choncho pa wa 19 palibe mbiri yoiteteza, mpaka kufika pa woyamba. Masamu akuti igawane paliponse, pamene ambiri tingayembekeze kuti imenye oyambirira kuti ena aope.

Nanga chiopsezo chingakhale chenicheni bwanji? Apa mpamene kuyamba kusuntha kuli ndi mphamvu. Tiyerekeze kuti yakale ikuyamba ndiyo, ndipo ingamange fakitale yaikulu ya mtengo wa 3, ndalama zosabwezeka. Fakitaleyo imatsitsa mtengo wopangira katundu wochuluka, koma pamene katundu ndi wochepa imangokhala. Ikamanga, kukhala yokha kuipatsa 7, kugawana kuipatsa 2, ndipo tinene kuti nkhondo iipatsa 3 titachotsa kale za fakitale. Yambiraninso kunsonga: 3 aposa 2, imenyadi. Yatsopano ikuona kuluza 2 kapena kukhala pa 0, silowa. Pa tsinde, yakale ikuyerekeza 7 wa kumanga ndi 5 wa kusamanga, imanga. Onani kuti fakitaleyo yachepetsa phindu la kugawana n'kukweza la nkhondo, ndipo kudzitsekera njirako ndiko kwathandiza. Ikanakhala ya mtengo wa 6, kukhala yokha kukanaipatsa 4, wochepera 5, ndipo kumanga kukanakhala kutaya. Ikanakhalanso yogulitsika mosavuta pa mtengo womwewo, yatsopano ikanadziwa kuti mnzake adzaigulitsa n'kugawana msika.

Polemba mayeso

Pa mphanda iliyonse onani nambala ya amene akusankha yekha. Ambiri amaphonya poona nambala ya mnzake kapena pophatikiza ziwirizo. Lembani zimene wachiwiri angachite pa mphanda zake zonse, ngakhale zosafikidwa, chifukwa ndizo zikufotokoza chisankho cha woyamba. Manambala awiri akafanana pa mphanda, tsatirani nthambi zonse ziwiri, mayankho angakhale awiri. Ndipo njirayi imafuna mtengo wokhala ndi mathero, komanso kuti wosankha aliyense aone zimene zachitika kale. Ngati funso likuti yatsopano siikudziwa ngati fakitale yamangidwa, mphanda ziwirizo simungazithetse payokhapayokha.