Pepala likuti mwapindula, nanga ku banki ndalama zili kuti?

"Akauntanti, pepani ndikuvutitseni. Amene amandilembera mabuku a pa munda wandipatsa pepala loti chaka chathachi ndapanga phindu la 1,200,000, koma ndikayang'ana ku banki muli 150,000 yokha basi. Ndiye kapena wandibera, kapena sadziwa ntchito? Mapepala onse ndi sitetimenti ya ku banki ndakutumizirani. Ndine mlimi, ndathedwa nzeru."

Bambo, khazikani mtima pansi kaye, mapepala anu ndakhala nawo madzulo onse ndi kakyuleta ndipo palibe ndalama yasowa olo imodzi. Mnzanuyo ntchito akuidziwa, musamulankhule mawu oti mawa mudzachite nawo manyazi. Nkhani ndi yoti pepala la phindu ndi sitetimenti ya ku banki zimayankha mafunso awiri osiyana. Pepala limafunsa kuti zomwe mwagulitsa chaka chino zikuposa zomwe mwawononga polima chaka chomwechi ndi zingati, kaya ndalamayo yafika m'manja kaya sinafike. Banki ilibe nazo ntchito zimenezo, iyo imangowerenga zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka pa tsikulo basi.

Tiyeni tiyende limodzi pa manambala anu omwewo. Chaka chikuyamba mu akaunti munali 600,000. Tikaphatikiza ndi phindu lija zikukwana 1,800,000, ndipo ndikhulupirira imeneyi ndi nambala yomwe mtima wanu umayembekezera kuiona.

Poyamba pali wogula uja munamupatsa matumba mwezi womaliza wa chaka. Pa invoisi yake pali 500,000 ndipo pakona mwalemba ndi bolopeni kuti "adzapereka". Tsiku lomwe galimoto yake inanyamula katunduyo, m'mabuku zinalowa ngati malonda atheka, chifukwa katundu wachoka m'manja mwanu ndipo mtengo munagwirizana. Phindu linakwera tsiku lomwelo koma ku banki sikunalowe kanthu. Nde chotsani 500,000, mwatsala ndi 1,300,000.

Kenako pampu yothirira, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo chifukwa alimi ambiri amasokonekera pomwepa. Munaigula 1,000,000, kulipira yonse tsiku limodzi, sitetimenti ikuonetsa bwinobwino. Koma mukafufuza pa pepala la phindu simupeza 1,000,000 pena paliponse, mupeza kamzere kakang'ono ka 200,000. Chifukwa chake nchakuti pampu si feteleza. Feteleza mukathira watha chaka chomwecho, ndiye mtengo wake wonse umagwera pa zokolola za chaka chimenecho, pomwe pampu wolemba mabuku wanu wayerekeza kuti ikutumikirani zaka 5, ndiye wagawa mtengowo pasanu kuti chaka chilichonse chisenze gawo lake. Ife timati dipulisiyeshoni, kutanthauza kutha pang'onopang'ono kwa chipangizo. Ndipo kuteroko ndi chilungamo, tangoganizani akanaunjika yonse chaka chimodzi, phindu lanu likanaoneka 400,000 yokha ngati kuti simunalime bwino, kenako zaka zinayi zotsatira nkumaoneka ngati madzi akubwera ulere. Koma thumba lanu linamva 1,000,000 yonse. Pepala lachotsa kale 200,000, ndiye yotsala 800,000 ndi yomwe tichotse ife, mwatsala ndi 500,000. 800,000 imeneyo sinatayike ayi, ili kumunda ikupopa madzi, kungoti simungagulire mbewu.

Chaka chamawa zidzatembenuka, pepala lidzachotsanso 200,000 ya pampu yomweyo pomwe ku banki sikudzatuluka kanthu.

Ngongole ya ku banki munabweza 360,000 yonse pamodzi. Mkati mwake 60,000 ndi chiwongoladzanja, chimenecho chili kale pa pepala chifukwa ndi mtengo wogwiritsira ntchito ndalama ya eni. Koma 300,000 inayo mwangobweza zomwe munabwereka, ndipo poti tsiku lomwe munalandira ngongoleyo palibe anailemba ngati phindu, pobwezanso siilembedwa ngati chowononga. Mwatsala ndi 200,000.

Ndiye pali zapakhomo. Ndawerenga pa sitetimenti maulendo omwe munatapa ndalama popanda risiti ya zakumunda, mwana wadwala, fizi, zina ndi zina, zonse zikukwana 300,000. Palibe cholakwa, munda mumalimira zimenezo, koma imeneyo si ndalama yolimira, ndi phindu lomwe mwadya kale, nchifukwa chake pa pepala siioneka. Vuto lake ndi loti imatuluka pang'onopang'ono munthu osazindikira.

Mukachotsa imeneyo mwagwera pansi pa ziro ndi 100,000. Mwina mukuti akauntantiyu walakwitsa masamu, mu akaunti muli ndalama. Eya ilimo, koma tamvani komwe yachokera. Feteleza wa 250,000 munatenga pangongole kwa wogulitsa ndipo simunalipirebe. Pepala linamuchotsa kale poti munathira m'munda, koma ku banki ndalamayo sinatuluke. Mukaibwezera pa masamu athu mupeza 150,000 ndendende, yomwe ili pa sitetimenti yanu.

Apa ndi pomwe ine mtima wanga uli, osati pa za kubedwa. Mu akaunti muli 150,000 pomwe wa feteleza akudikira 250,000, kutanthauza kuti atabwera mawa m'mawa simungamukwanitse, chonsecho munda wanu ukupindula. Zotere ndazionapo kangapo, munthu olimbikira, mabuku okongola, koma nthawi yogula mbewu yafika m'manja mulibe, nkukabwereka mwachangu pa chiwongoladzanja chokwera, phindu la chaka chotsatira nkuthera pomwepo.

Chomwe chingakupulumutseni panopa ndi 500,000 ili kwa wogula ija. Yang'anani deti la pa invoisi muwerenge masiku. Ngati munagwirizana masiku 30 ndipo adutsa, osadikira kuti akumbukire yekha, mupiteni ndi invoisi m'manja mukagwirizane tsiku lenileni, olo apereke theka kaye, ndipo asaine. Ngongole ikamakalamba imavuta kutolera, ndipo mukaona foni sakuyankha kapena akusinthasintha masiku dziwani kuti zinthu sizili bwino. Atapanda kulipira ndithu, wolemba mabuku adzayenera kuifufuta ngati ngongole yakufa, ndipo phindu lanu lija lidzatsika kufika 700,000. Ndiye mukaona nambala ya phindu, funso loyamba lizikhala loti mwa ndalama imeneyi ndi zingati zomwe zidakali m'matumba mwa anthu.

Chinanso ndikupempheni, mumuuze wolemba mabukuyo kuti pambali pa pepala la phindu azikupatsani lina la kayendedwe ka ndalama. Ngakhale inuyo mutha kulilemba mu kope, tsamba limodzi mwezi umodzi, kumanzere ndalama zomwe mukuyembekeza kuti zilowa mwezi umenewo, kumanja zomwe zituluka, kuphatikizapo ngongole ndi zapakhomo, pansi nkulemba yotsala yomwe ikhale poyambira mwezi wotsatira. Ndalama ya wogula muziilemba pa mwezi womwe mukudziwa kuti amalipiradi, osati womwe analonjeza. Mukanakhala ndi kope lotereli musanagule pampu, mukanaoneratu kuti kumapeto kwa chaka kukhala kothina, mwina mukanapempha kulipira pampuyo m'magawo awiri kapena kudikira kaye wogula uja. Pampuyo sindikuidandaula, munachita bwino kuigula, kungoti tsiku lolipira linafunika kusankhidwa.

Yambani ndi miyezi itatu ikubwerayi, ndipo pa tsamba loyamba mulembe 250,000 ya feteleza ija kumanja. Mukamaliza munditumizire ndidzaliona.