Zala zatupa m'pulasitala: ndi zachilendo kodi?

"Ndinagwa posamba, ndathyoka pamkono pafupi ndi chikhato. Andiika pulasitala dzana koma zala zatupa. Nditani?"

Pepani kwambiri achemwali. Kutupa pang'ono masiku atatu oyamba kumachitika, ndipo mankhwala ake ndi kukweza dzanja. Mukagona, lisanjikeni pa mapilo awiri kuti chikhato chikhale pamwamba kuposa mtima. Mukalilekerera lili lende tsiku lonse, madzi amatsikira ku zala. Ngati mwavala mphete, ivuleni lero lomwe.

Zalazo musazisunge ngati mazira. Ola lililonse fumbatani, tambasulani, kenako gunditsani chala chachikulu ku chala chilichonse, kakhumi. Kuyendetsako kumachotsa kutupa, komanso zala siziuma pomwe fupa likulumikizana, zomwe zimatenga pafupifupi milungu 6. Chigongono ndi phewa muziziyendetsanso.

Koma izi ndiye musazengereze nazo: zala zikachita dzanzi, zikazizira, zikatuwa kapena kuda, kapena ululu ukamakula ngakhale mwamwa mankhwala, makamaka potambasula zala, pulasitalayo wathina. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, akamumasule.

Posamba mukulungeni m'pulasitiki, chifukwa akanyowa amafewa. Kukayabwa mkati musalowetsemo kamtengo, mungadzipatse chilonda chosaoneka.