Kufunsa njira ku Lilongwe popanda kusocheretsedwa

"Ndikupita ku Lilongwe koyamba, ndipo ndikatsika pa depoti ndiyenera kukafika ku Area 25. Kodi ndingafunse bwanji njira mwaulemu, nanga ndingadziwe bwanji kuti zimene andiuza nzoona?"

Yambani ndi moni, chifukwa kufunsa munthu musanamulonjere kumaoneka ngati chipongwe. Kwa mayi wachikulire nenani kuti, "Zikomo mayi, muli bwanji? Pepani ndakuimitsani, ndine mlendo, ndimafunsako kumene ndingakwere minibasi ya ku Area 25." Sankhani munthu wokhazikika pamalopo, monga wogulitsa m'golosale kapena mlonda wa pageti, popeza wodutsa akhoza kukhalanso mlendo, pamene woitanira minibasi amafuna mukwere galimoto yake basi.

Musafunse kuti, "Kodi njira ya ku Area 25 ndi iyi?" Anthu ambiri amachita manyazi kunena kuti sakudziwa, choncho amangovomera kuti inde pofuna kukusangalatsani. Funso labwino ndi lakuti, "Ndidzere kuti?" kuti iwo afotokoze okha. Wodziwa njira amatchula zizindikiro zenizeni, monga kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndi kulowera msewu wa M1 wopita ku Kanengo, koma wongoganizira amaloza ndi dzanja n'kunena kuti "ndi pompano", mawu amene nthawi zina amatanthauza ulendo wa ola lathunthu. Kumbukiraninso kuti manambala a madera a mu Lilongwe sanasanjidwe motsatana, kotero wonena kuti Area 25 yayandikana ndi Area 24 akungopeka.

Bwerezani zimene mwamva kuti akukonzeni, muthokoze, kenaka mukayenda pang'ono funsaninso munthu wina osamuuza yankho loyamba lija. Awiriwo akasiyana, funsani wachitatu musanakwere galimoto.