Kodi kudziwongola kumatalikitsa minofu, kapena thupi limangozolowera?

"Achimwene, ndayamba kuthamanga m'mawa, ndipo ndikamaliza ndimadziwongola. Poyamba ndikawerama manja ankathera m'mawondo, pano pangotha mwezi koma ndikugwira zala za kumapazi. Mnzanga akuti minofu yanga yatalika, wina akuti ndangozolowera ululu. Akunena zoona ndani?"

Zikomo achemwali chifukwa cha kalata yanu. Pa mwezi umodzi wokhawu, mnzanu wachiwiriyo ndi amene ali pafupi ndi choonadi. Komabe woyambayo sanasokeretu, chifukwa mnofu umatha kutalika ndithu, kungoti pamafunika zambiri kuposa zimene mukuchita panopa.

Mukamawerama miyendo ili yowongoka, chimene chimakuimitsani nthawi zambiri si kutha kwa mnofu. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ikamakokeka, mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo, inu n'kumva kukunga, kenako kupweteka, ndiye mumaima. Kuimako mumasankha ndinu chifukwa cha zimene mukumva, mnofuwo ukadali ndi kadanga kopitirira. N'chifukwa chake munthu akagonekedwa tulo kuchipatala pokonzekera opaleshoni, mwendo wake umatha kukwezedwa patali kuposa mmene akanalolera ali maso. Mnofu ndi womwewo, chimene chachoka ndi kumva.

Kafukufuku amene ine ndimaona kuti anaunikira bwino nkhaniyi ndi wa a Peter Magnusson ndi anzawo ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, amene anatuluka mu 1996. Anatenga amayi angapo n'kuwauza kuti aziwongola minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ya mwendo umodzi wokha kwa milungu pafupifupi 3, kawiri pa tsiku, ulendo uliwonse kasanu, kukoka kulikonse masekondi 45. Asanayambe komanso atamaliza, aliyense ankakhala pa makina amene ankawongola bondo pang'onopang'ono, uku akuyeza zinthu ziwiri: mwendo wafika pati, ndiponso mnofu ukukana ndi mphamvu yochuluka bwanji.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mnofu ukanakhala kuti watalika kapena wafewa, ndiye kuti mwendo ukafika pamalo pamene unkathera kale, makinawo akanapeza kuti kukana kwachepa. Koma kukanako kunali chimodzimodzi monga poyamba. Chimene chinasintha n'chakuti amayiwo ankalola makina kupitirira, ndipo pamene ankanena kuti "basi, imitsani", mnofu unali ukukokedwa ndi mphamvu yoposa ya kale. Ankafika patali chifukwa ankapirira kukoka kwakukulu. Ofufuza ena ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anali atapeza zofananazo mu 1994. Ndipo mu 2018 akatswiri ataphatikiza akafukufuku ambiri a milungu 3 mpaka 8, anapezanso kuti kupirira kukoka ndi kumene kumakula, pamene mnofu weniweniwo umasintha pang'ono kwambiri kapena osasintha n'komwe.

Zili ngati munthu amene wazolowera tsabola wa kambuzi. Tsabolayo sanathe ukali, koma mwini wakeyo akuthira wambiri osatuluka misozi. Ndipo palinso chodabwitsa china: anthu akamawongola mwendo umodzi wokha, nthawi zambiri mwendo winawo, umene sunakhudzidwe, nawonso umayamba kufikako patali. Mnofu umene sunakokedwe sungatalike. Kusinthako kukuchitikira m'mitsempha ndi mu ubongo.

Mwina munaonanso kuti mukangomaliza kudziwongola mumamva kumasuka, koma mawa m'mawa mumadzuka mutaumanso. Mukaugwira mnofu uli wokokeka, umagonja pang'onopang'ono, moti m'masekondi 45 kukana kwake kumatsika moonekeratu. Koma kufewa kumeneku sikuchedwa kutha, ola likamakwana mnofu umakhala utabwerera mwakale. Kutentha kwa thupi mukangotha kuthamanga nakonso kumathandizira kuti mufike patali nthawi imeneyo. Choncho mukafuna kudziwa ngati mukupitadi patsogolo, muzidziyeza pa nthawi yofanana tsiku lililonse, musanathamange, osati thukuta lili kamukamu.

Tsopano kumbali ya mnzanu woyamba uja. Mkati mwa ulusi uliwonse wa mnofu muli tizigawo ting'onoting'ono kwambiri totchedwa masakomiya, tolumikizana motsatizana kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena. Kuti mnofu utalikedi, thupi liyenera kuwonjezera tizigawo timeneti. Izi zimachitika. M'zaka za m'ma 1970, ofufuza ku France anamanga miyendo ya amphaka m'chikhakha kwa milungu ingapo. Pamene mnofu unamangidwa uli wokokeka, masakomiya anawonjezeka ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndipo pamene unamangidwa uli wofupika, anachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Kwa anthu, madokotala akamatalikitsa fupa la mwendo ndi zitsulo, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, minofu nayo imatalika kutsatira fupalo.

Koma taonani kusiyana kwake. Mnofu wa m'chikhakha umakokedwa usana ndi usiku, maola 24. Inu mumaukoka mwina mphindi ziwiri, kenako tsiku lonse umabwerera ku ntchito yake ya masiku onse, kuyenda, kukhala pampando, kugona. Thupi limamvera kwambiri zimene limakumana nazo nthawi yaitali. Akafukufuku ena aposachedwa akusonyeza kuti kukoka kwamphamvu, kwa nthawi yaitali komanso kwa miyezi kumatha kutalikitsako ulusi wa mnofu pang'ono, makamaka minofu ya akatumba a m'miyendo. Ku Germany ena anafika pomangirira phazi m'chipangizo ola lathunthu tsiku lililonse kwa milungu 6. Ameneyo si munthu amene wangoima pambali pa msewu n'kugwira zala za kumapazi.

Ngati mukufunadi kusintha mnofu weniweniwo, njira imene ili ndi umboni wabwino ndi kuugwiritsa ntchito yolemetsa uku ukutalika. Chitsanzo ndi masewera amene osewera mpira amawatcha Nodiki: mumagwada pa chinthu chofewa, mnzanu n'kukugwirani akakolo, inu n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili chiwongokere, mukudziletsa ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu mpaka manja atafika pansi. Pakatha milungu ingapo ulusi wa minofuyi umaoneka wotalikirapo pa makina ounikira. Ndi owawa kwa woyamba kumene, muyambe ndi maulendo atatu kapena anayi basi.

Musamve ngati ndikunyoza zimene mwapeza. Kufika zala za kumapazi kwanuko n'kwenikweni, ndipo kumakuthandizani powerama, pokolopa ngakhale potambasula mwendo pothamanga, kaya kwachokera mu ubongo kapena mu mnofu. Pitirizani: kokani mpaka mumve kukunga kopiririka, gwirani masekondi 30 mpaka 60 mukupuma bwinobwino, mubwereze kawiri kapena katatu, masiku ambiri pa mlungu. Mukasiya, zimabwerera pang'onopang'ono. Chokhacho musayembekezere kuti kudziwongola kuchotsa kuphwanya kwa m'thupi kumene kumabwera mawa lake, chifukwa akafukufuku ambiri anapeza kuti kumachepetsa pang'ono zedi, mwakuti simungazindikire.

Popeza chimene mukuphunzitsa ndi kupirira, samalani kuti musaphunzire kupirira ululu wolakwika. Kukoka kwabwino kumamveka pakati pa ntchafu, kofalikira, ndipo kumatha mukangomasula. Mukamva kubaya pamalo amodzi pansi pa thako, pamene mnofu umagwirira fupa, kapena ululuwo ukakhalapobe mawa lake, lekani kaye. Mukamva dzanzi, kuyaka kapena kunyerenyetsa kotsikira ku phazi, umenewo ndi mtsempha womvera osati mnofu. Pindani bondo pang'ono, musakokere zala za kumapazi kwa inu, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi dokotala wa mafizo.