Za geni ya ku Chipata ndi chikonzekero chako cha kumvetsa nkhani

"Azakhali, alekichala a ku koleji akubwera Lachinayi kudzandiona ndikuphunzitsa Chichewa mu Sitandade 7, phunziro la kumvetsa nkhani. Ndikufuna nkhani yake ikhale ya malonda a m'malire poti ana ambiri kuno makolo awo amapita ku Chipata. Geni yanuyi imayenda bwanji? Ndipo poti munagwirapo choko, chikonzekerochi ndichiyale motani?"

Mwana wa achimwene, wasankha bwino, koma usananditenge nzeru, pita kaye kwa mphunzitsi amene akukuyang'anira pasukulupo. Uwafunse ngati akulola kuti ubweretse nkhani yolemba wekha. Alekichala akangofika amayamba atsegula sikimu yako, ndipo akaona kuti sabata ino munalembedwa mutu wina koma iwe ukuphunzitsa za Chipata, malikisi ayamba kale kuthothoka usanatsegule n'kamwa momwe. Ngati mutu wa m'buku ukukhudza malonda kapena ntchito za anthu, nkhani yakoyo ilowe ngati yoonjezera, ndipo mu sikimu ilembedwe.

Geni yake ndi iyi. Ndimadzuka kusanache, kukwera galimoto mpaka pachipata cha Mchinji, chimene ku Zambia amachitcha Mwami. Kuyambira mu 2022 maofesi a mayiko awiriwa anawaika pamodzi, moti sitiimanso kawiri ngati kale. Ndimadinditsa pasipoti, n'kukwera takisi mpaka m'tauni ya Chipata. Ndalama zathu kumeneko sizigula kanthu m'mashopu akuluakulu, umayenera kusintha kuti ukhale ndi kwacha ya ku Zambia, ndipo phindu la ulendo wonse limatha kufera pomwepo ukasintha moipa. Ukagula, usataye lisiti ngakhale limodzi.

Pobwerera m'pamene pali nkhani. Ife amalonda ang'onoang'ono tili ndi njira yathu yofewa ya bungwe la COMESA. Katundu wako asapitirire malire a mtengo amene anaikidwa m'madola a ku America, akhale wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko lomwe wamugulalo, ndiponso akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Zikatero umalemba kafomu kachidule, ndipo msonkho wa kasitomu sulipira. Misonkho ina, monga wa VAT, a MRA amadulabe, choncho usakauze ana kuti timadutsa ulere. Pomwe ambiri amagwa ndi apa: kugula chinthu ku Chipata sikuchisandutsa cha ku Zambia. Nsapato zopangidwa ku China, ngakhale wazigula pa msika wa ku Chipata, zimalipira msonkho wonse. Ofisala amatembenuza katoni n'kuwerenga pomwe alemba dziko limene chinapangidwa.

Mfundo imeneyo ndiyo uitenge, zina zonsezi uzisiye. Nkhani ya ana siifuna madola, mafomu ndi mabungwe onse pamodzi. Imafuna chinthu chimodzi chimene sichinanenedwe poyera, choti mwana achifukule yekha. Ndakulembera kachitsanzo, ukakonze mwako:

Mayi wina wa ku Mchinji ankapita ku Chipata kukapikula sopo wopangidwa ku Zambia. Pachipata ankaonetsa malisiti, ofisala n'kuwerenga zolembedwa pa makatoni, ndipo mayiyo ankalipira ndalama zochepa. Tsiku lina anaona nsapato zokongola zotsika mtengo. Anagula mapeyala makumi awiri m'malo mwa sopo, mtima uli dyokodyoko poganiza za phindu. Atafika pachipata, ofisala anatembenuza nsapato imodzi n'kuyang'ana kunsi kwake. Kenaka anatchula msonkho umene unamuumitsa pakamwa mayiyo. "Koma ndazigula ku Chipata konkuno," iye anadandaula. Ofisala anamuonetsa mawu a kunsi kwa nsapatoyo osanena kanthu. Mayiyo anamasula kansalu kamene anamangamo ndalama yobwererera, n'kulipira. Madzulo amenewo anayenda wapansi kuchoka pachipata, chikatundu chili pamutu. Sabata yotsatira anakagulanso sopo.

Uitalikitse pang'ono ifike mawu ngati 150, ndipo penapake uikemo chiganizo chonena kuti katundu wopangidwa m'mayiko oyandikana nafe amene tili nawo pa mgwirizano salipira msonkho wa kasitomu. Popanda chiganizo chimenecho ana sakhala ndi pogwira. Koma dzina la dziko lolembedwa kunsi kwa nsapato usalitchule ayi. Pamenepo m'pamene pagona phunziro lako.

Tsopano pepala lenileni. Zapamwamba zija, kalasi, tsiku, nthawi, phunziro, mutu, sizivuta. Pomwe alekichala amaikapo chala ndi pa zizindikiro za kakhonzedwe. Usalembe kuti "ophunzira amvetsa nkhani", chifukwa kumvetsa sikuoneka ndi maso, ndipo munthu wakhala kumbuyo kwa kalasi uja sangakupatse malikisi pa chinthu chosaoneka. Lemba zoti munthu angazione kapena kuzimva: ophunzira apereka matanthauzo a mawu atatu pogwiritsa ntchito ziganizo za m'nkhani, ayankha mafunso ochokera m'nkhani, afotokoza chifukwa chimene mayi analipirira msonkho wambiri n'kuloza chiganizo chowaikira umboni. Zitatu zokha. Chilichonse mwa zitatuzo chikapezekenso m'munsi ngati ntchito ya ophunzira. Alekichala amachita ngati ofisala wa pachipata uja, zolembedwa pafomu azipeze m'katoni. Ukalemba zizindikiro zisanu koma ntchito zili zitatu, ziwirizo akufunsa kuti zapita kuti.

Pa zipangizo usalembe choko ndi bolodi basi. Tenga katoni yopanda kanthu ya sopo ndi nsapato imodzi yakale yolembedwa kunsi, ndikupatsa ndili nazo. Nkhaniyo uilembe dzulo lake pa mapepala akuluakulu awiri kapena kuseri kwa makalendala, zilembo zake zazikulu, ndipo ukaime kukhoma la kumbuyo uyese kuwerenga wekha. Ine pa nthawi yanga ndinalakwa pomwepa. Ndinayamba kukopera nkhani pabolodi alekichala atakhala kale pampando, ana oposa makumi asanu ndi atatu akusokosera kumbuyo kwanga, ndipo pomwe ndimaika mpumiro womaliza theka la piriyodi linali litapita. Mafunso ndinawapatsa ngati ntchito ya kunyumba. Pa pepala langa anandilembera kuti sanaone mwana aliyense akuyankha funso.

Piriyodi ndi ya mphindi 35, ndipo pambali pa sitepe iliyonse ulembepo mphindi zake. Chiyambi chitenge zinayi: kweza katoni ija, funsa amene anafikapo pachipata kapena amene makolo awo amapitako, lemba mutu, ana alosere kuti nkhaniyi ikamba zotani. Zolosera ziwiri uzilembe pakona ya bolodi, udzazifuna kumapeto. Chenjera, ana a kumeneko za pachipata amazidziwa kukuposa iwe, ndipo wina adzafuna kufotokoza za amalume ake amene amadutsa njira zachidule usiku ndi njinga. Umuyamikire n'kupitirira, apo ayi mphindi khumi zithera pomwepo.

Mawu atsopano atenge mphindi zisanu, ndipo akhale atatu okha: kupikula, msonkho, dyokodyoko. Usawauze tanthauzo. Werenga chiganizo chimene muli mawuwo, ufunse kuti mawu oyandikana nawo akutiuza chiyani. Pa dyokodyoko mwana aone kuti mayi akuganiza za phindu, ndiye mtima wake sungakhale wachisoni. Ukapanga chomwecho wakwaniritsa chizindikiro choyamba alekichala akuona.

Kenaka awerenge chamumtima mphindi zisanu ndi chimodzi, koma usanawalole uwapatse funso limodzi loti alisake: n'chiyani chinasintha pa ulendo wa nsapato? Mwana wowerenga opanda chosaka amangoyendetsa maso. Iwe usaime kutsogolo, yenda m'mizere. Uona ena akuloza ndi chala liwu lililonse milomo ikugwedera, ena maso ali pazenera. Amenewo uwasunge m'mutu, ndi omwe udzawakhazike ndi anzawo owerenga bwino. Zikatha, mphindi zisanu werenga wekha mokweza ndime ya pachipata ija, mawu a mayi uwatchule modandaula ndithu, kenaka ana awiri kapena atatu awerengeko, mtsikana ndi mnyamata. Usazungulitse kalasi lonse chiganizo chimodzichimodzi. Aliyense amangowerengera kuti chake ndi chiti, nkhani osaimva.

Mphindi khumi zotsatira ndi za mafunso, awiriawiri, akulemba m'makope. Pa chikonzekero ulembe mafunsowo pamodzi ndi mayankho amene ukuyembekezera, chifukwa alekichala amafuna aone kuti unawaganizira. Awiri oyamba akhale osavuta: mayi ankapikula chiyani, anagula mapeyala angati. Amenewa mwana amangokopera, ndipo ndi abwino kuti wofooka apezeko chake, koma sakuuza ngati wamva. Lachitatu: n'chifukwa chiyani mayi anayenda wapansi? Nkhani sinanene, mwana ayenera kulumikiza kansalu ka ndalama yobwererera ndi msonkho. Lachinayi ndiye mwini phunziro: ofisala anaona chiyani kunsi kwa nsapato, ndipo ukudziwa bwanji? Yankho lake n'lakuti anaona dzina la dziko limene nsapato zinapangidwa, ndipo silinali Zambia, chifukwa zikanakhala za ku Zambia msonkho ukanachepa ngati wa sopo.

Ambiri adzayankha kuti anaona mtengo. Ena adzati nsapato zinali zakuba, kapena ofisala amafuna ya fanta, poti ndi zomwe amamva kunyumba. Usati "walakwa" n'kuloza wina. Uti, "tiwerengere chiganizo chimene chakuuza zimenezo." Akachisowa, abwerere pomwe mayi akuti ndazigula ku Chipata konkuno, aone kuti mkangano wake ndi wa komwe nsapato zachokera, osati mtengo. Mayankho olakwika amenewa uwalembenso pa chikonzekero, ndi zomwe udzachite akatuluka. Ophunzira uphunzitsi ambiri salemba zimenezi, ndipo wako akakhala nazo adzasiyana ndi a anzako.

Mathero mphindi zisanu. Bwerera ku zolosera zija pakona, ana anene zomwe zapezeka zoona. Kenaka mwana mmodzi afotokoze nkhani yonse m'ziganizo zitatu mapepala a nkhani aja utawapinda. Pomaliza utulutse nsapato ija, mmodzi awerenge kunsi kwake mokweza. Usaitulutse poyamba, ungaulule yankho.

Malo a ndemanga ya phunziro, pansi penipeni, uwasiye opanda kanthu mpaka utaphunzitsa. Ena amalemberatu usiku kuti phunziro linayenda bwino, alekichala n'kuziona belu lisanalire. Ukamayenda m'mizere uziwerenga makope ngati khumi, ndiye ukalembe zoona: mwa khumi amene ndinawaona, angati anakhoza funso lachinayi, angati anati mtengo, ndipo mawa ndiyambira pati. Katoni ndi nsapato ndikutumizira Lachiwiri pa minibasi ya m'mawa, ukadikire pa siteji.