Chigayo chigaye matumba angati kuti thumba lililonse litsike mtengo?

"Ndimathandiza malume anga pa chigayo chawo kuno ku Ulongwe, komanso ndikuphunzira za chuma. M'buku muli galafu ya mizere iwiri, CMe ndi CMg, yodutsana. Akuti poiona pamodzi munthu amadziwa kukula kochepetsetsa kumene bizinesi imayendera pa mtengo wotsika. Ndiiwerenge bwanji? Malume akufuna kugula makina aakulu."

Achimwene, tiyambe ndi kabuku ka malume, galafu ibwera yokha. Manambala awa ndangopeka kuti tionerepo, inu muikemo enieni.

Tinene kuti lendi, malipiro a wogayitsa ndi ngongole ya injini zimadya mametikali 1200 patsiku, kaya mwagaya kaya ayi. Mukaonjeza dizilo, oyilo ndi zina zotha ndi ntchito, matumba 20 akudyerani 2100, matumba 30 akudya 2550, matumba 40 akudya 3200.

CMe ndi ndalama zonse zimene mwawononga kugawa ndi matumba. Pa matumba 20 ndi 105 pa thumba, pa 30 ndi 85, pa 40 ndi 80. CMg imafunsa funso lina: thumba limene ndangoonjezali landidyera zingati? Kuchoka pa 30 kufika pa 40 mwaonjeza 650 pa matumba 10, ndiye kuti lililonse ladya 65.

Ikani 65 ameneyo pambali pa 85. Matumba atsopanowa ndi otchipa kuposa amene munagaya kale, choncho akukokera CMe pansi. Zili ngati mwana wasukulu amene amakhoza 60 m'mayeso: akapeza 40 avereji yake imatsika, akapeza 80 imakwera. Nthawi yonse imene mzere wa CMg uli pansi pa wa CMe, CMe ikutsika. Ukakwera pamwamba, CMe iyamba kukwera. N'chifukwa chake CMg imadula CMe pansi penipeni pa chigwa chake, osati pena paliponse.

Pitirizani kugaya. Matumba 50 adya 4000: owonjezerawo ndi 80 lililonse, CMe ndi 80 yomweyo. Mizere yakumana. Pa matumba 60 injini yatentha, lamba akuterereka, sefa yang'ambika, ndipo mwalemba waganyu wogwira mpaka usiku. Zonse zafika 5100, thumba lowonjezera likudya 110, CMe yabwerera pa 85.

Ambiri amasochera poyang'ana pamene CMg yatsikitsitsa. M'chitsanzo chathu imakhala 45 pamene mukugaya matumba 20 mpaka 30, koma pamenepo 1200 ija ikulemerabe pa matumba ochepa. Taonaninso kuti CMe yakhala pa 80 kuyambira matumba 40 mpaka 50. Chigwa chikakhala chafulati chonchi, chimene mukufuna ndi poyambira pake, pa 40, chifukwa funso ndi lakuti ntchito yochepetsetsa yofikitsa pa mtengo wotsikitsitsa ndi iti.

Koma 40 ameneyu ndi wa injini imene malume ali nayo lero. Kukula kumene buku lanu likunena kumayezedwa pa nthawi yaitali, pamene makina, nyumba ndi antchito zonse zingasinthidwe. Makina a saizi iliyonse ali ndi chigwa chake. Mujambule zigwa zonsezo pa pepala limodzi, ndipo pa chiwerengero chilichonse cha matumba mutenge mzere umene uli pansi kwambiri. Pamene mzere wophatikizawo wasiya kutsika, mwapeza yankho.

Tinene kuti chigayo chachikulu chamagetsi chimadya 3000 patsiku zosasintha, ndi 40 pa thumba lililonse, mpaka matumba 100. Pa 100, CMe ndi 30 kuphatikiza 40, ndiye 70. Ngati makina oposa amenewa sakutsitsanso 70 ameneyo, kukula kochepetsetsa kwa bizinesi ya chigayo ndi matumba 100 patsiku, osati 40.

Apa m'pamene ndingawagwire dzanja malume. Galafu sidziwa kuti pakhomo pa chigayo pamafika matumba angati. Ngati amayi a m'midzi yozungulira amabweretsa okwana 45 patsiku, makina aakuluwo agaya thumba pa mametikali pafupifupi 107, pamene injini yakale ikugaya pa 80. Ndipo musawerengere masiku a pambuyo pokolola okha. Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka, 3000 ija imalipidwabe. Kugula kungamveke ngati apeza ntchito yokhazikika, monga kugayira ogulitsa ufa a ku Tete kapena ku Moatize.

Polemba manambala enieni, muikemo malipiro a malume eni ake ndi ndalama yosungira kugula injini ina iyi ikatha. Zikasiyidwa, CMe imaoneka yotsika kuposa mmene ilili, ndipo podutsana mizere pamasunthira ku matumba ochepa.