Thiredimilo imanama kapena ndine ndafooka?

"Anzanga a ku Mzuzu kuno ndithandizeni. Thiredimilo yanga ndikaika pa 10 km/h ndimamaliza 5 km m'mphindi 30, koma pamsewu mtunda womwewo umanditengera mphindi 33. Ndingadziwe bwanji ngati sikirini ikunena zoona? Komanso yatsopano yabwino ndingaipeze kuti?"

Achimwene, musathamangire kugula ina musanayeze lamba wa imene muli nayoyo. Mufunika zinthu zitatu basi: tepi yoyezera ngati ya akalipentala, choko kapena tepi yomata yoyera, ndi sitopuwotchi ya pafoni. Tepi yoyezera ya mamita 5 ili m'mahadiweya a m'tauni.

Amene akuti muyerekeze ndi GPS ya pafoni akusocheretsani. GPS imaona munthu akamasuntha malo, ndiye inu mukuthamangira pabalaza pomwepo, iona chiyani? Wotchi ya pamkono nayo m'nyumba imangoganizira mtunda potengera mmene mkono ukugwedezekera. Siingakhale mboni pa mlandu umenewu.

Ntchito yaikulu ili poyeza lamba, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Zimitsani makina, muzule pulagi kukhoma. Musayeze pamwamba pokha n'kuchulukitsa kawiri, chifukwa lamba amalowa mkati mwa chivundikiro cha mota kutsogolo, ndiponso amakhota pa marola awiri. Zonsezo mukhala mwazisiya. M'malo mwake lembani mzere woyamba m'mphepete mwa lamba, muyeze mita imodzi ndendende, mulembe mzere wachiwiri. Kankhani lamba ndi dzanja, muyezenso mita ina kuyambira pa mzere wachiwiriwo. Pitirizani choncho mpaka mzere woyamba utatulukiranso, kenako muyeze kachidutswa kotsalako. Tinene kuti mwapeza mamita awiri ndi masentimita 90, ndiye kuti lamba wanu ndi 2.90 m. Bwerezani kachiwiri, chifukwa kuphonya masentimita atatu okha pa lamba ngati ameneyu kumasokoneza yankho ndi 1 peresenti. Mukatha, fufutani mizere ina yonse, patsale umodzi wowala bwino, ndipo mumate katepi kena pa chitsulo cha m'mbali kuti muziona pamene mzerewo ukudutsa.

Tsopano yatsani, muike pa 10 km/h popanda wokwerapo. Dikirani kanthawi kuti lamba afike pa liwiro lake, osayamba kuwerenga akungonyamuka. Mzere ukadutsa pa katepi kaja, yambitsani sitopuwotchi n'kunena kuti "ziro", osati "wani". Ichi ndikuchinenetsa. Mukayamba ndi wani, mudzawerenga 30 lamba atazungulira ka 29, ndipo mudzanamizira makina kuti akuthamanga kuposa mmene alili ndi ma peresenti atatu. Werengani mpaka 30. Kuwerenga 10 kokha sikukwanira, chifukwa chala chimachedwa pang'ono podina, ndipo pa masekondi 10 kuchedwa kumeneko kumakula. Pa liwiro limeneli mzere umadutsa pafupifupi kamodzi pa sekondi, maso amakwanitsa. Ngati akuzungulira mutu, jambulani vidiyo muwerenge mutakhala pansi.

Masamu ake ndi awa:

```
km/h = lamba (m) × maulendo ÷ masekondi × 3.6
```

Lamba wa 2.90 m akazungulira ka 30 wayenda mamita 87. Ngati makina akunena zoona pa 10 km/h, zimenezi ziyenera kutenga masekondi 31.3. Tinene kuti mwapeza 31.5. Ndiye 87 ÷ 31.5 × 3.6 ikupatsani 9.94 km/h. Pamenepo palibe mlandu. Kusiyana kosafika 2 peresenti musakuwerengere, kungachokere ku chala chanu kapena ku tepi.

Koma musalekere pomwepo, chifukwa lamba wopanda munthu ali ngati kabaza yemwe sananyamule kasitomala. Kwerani muthamange monga mwa masiku onse, osagwira zogwirira, kachingwe kozimitsira kali komangirira pa malaya, mnzanu aime pambali aziwerenga. Musayese kuwerenga nokha mukuthamanga, kuyang'ana pansi pa lamba woyenda kumagwetsa. Tinene kuti tsopano maulendo 30 atenga masekondi 33. Ndiye 87 ÷ 33 × 3.6 ndi 9.49 km/h. Makina ambiri amawerengera mtunda kuchokera ku liwiro lomwe akuganiza kuti akuyenda, choncho sikirini ikamati 5 km inu mwathamanga pafupifupi 4.75 km. Pa liwiro lenilenilo 5 km yathunthu ikanakutengerani mphindi 31 ndi theka. Mphindi imodzi ndi theka yotsalayo musaiike pa makina. Mzuzu ndi wa zitunda, panja pali mphepo, pali kupatukira galimoto ndi njinga, pomwe lamba ndi wosalala.

Manambala awiriwo ndi amene akuuzeni kumene kuli vuto. Ngati wopanda munthu ali bwino koma wokwera akutsika, ndiye kuti lamba akuterereka pa rola, kapena kalamba kakang'ono kochokera ku mota kakhwepa, kapena pansi pa lamba pauma mota ikuvutika kukoka. Kutererekako mumakumva: phazi likaponda, lamba amaima pang'ono ngati wakodwa. Ngati onse awiri aphonya mofanana, ndipo mukayesa pa 6 ndi pa 8 km/h akuphonyabe ndi peresenti yomweyo, vuto lili pa kasensa kowerenga kuzungulira kwa rola kapena pa mmene makina anatcheredwera. Pamenepo onani buku la makinawo, chifukwa njira yotcheranso imasiyana mtundu ndi mtundu. Ndipo wina akapeza kuti lamba akuthamanga nthawi 1.6 kuposa chimene chalembedwa, makina sanawonongeke, sikirini ili pa mamailosi. Mailosi imodzi ndi 1.609 km, ndipo makina akaunjika ambiri amabwera choncho.

Chenjezo langa lalikulu ndi la kumanga lamba. Yanga itayamba kuterereka ndinaitana mmisiri wina amene anangofika n'kumanga mabawuti akumbuyo mpaka lamba kulimba gwa. Kuterereka kunatha, koma posapita nthawi rola inayamba kulira, chivundikiro cha mota n'kumatentha, m'nyumba muli fungo la labala wopsa. Ma beyaringi anapita, ndipo kupeza ena olingana ndi amenewo kuno kunali kovuta zedi. Chonsecho vuto linali lakuti pansi pa lamba panauma. Musalole munthu akhudze mabawuti amenewo asanapise dzanja pansi pa lamba, makina ali ozimitsa. Pakakhala pouma, pakani mafuta a silikoni opangira ntchito imeneyi, ngati buku la makina anu likutero. Girisi, oyilo wa galimoto kapena mafuta ophikira zimawononga lamba. Kumanga kukhale komaliza, kota ya kuzungulira pa bawuti ya kumanzere, kota pa ya kumanja, n'kuyesanso. Lamba womangidwa bwino amanyamuka masentimita 5 mpaka 7 mukamukweza pakati.

China, musayeze magetsi akakhala ofooka kapena muli pa jenereta yaing'ono, komanso pulagi ilowe kukhoma mwachindunji, osati pa chingwe chachitali chopyapyala chogawana ndi ketulo. Mukapeza manambala anu awiri aja, opanda munthu ndi okwera, alembeni pano pamodzi ndi kutalika kwa lamba, tione ngati pakufunika mmisiri.